Madontho 300 okayendera pa mapu a mitundu inayi: ndiwagawe bwanji?

Nachisale

Moni nonse. Ndamaliza mapu a zimene zili pa nthaka kuchokera ku zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2, pikiselo ya mamita 10. Dera lonse ndi mahekitala 200,000 ndipo mitundu ndi inayi: minda yatenga 62 peresenti, tchire 25, nkhalango 11, madambo 2 yokha. Tsopano abwana akuti tikaone pansi ngati mapuwa akunena zoona. Masiku ndi galimoto zimene tapatsidwa zingatifikitse pa madontho ngati 300. Ndinayesa kungowamwaza mwa maere dera lonse, koma m'madambo munagwa 5 okha, chikhalirecho madambowo ndi amene atituma ntchito akuwafuna kwambiri. Ndigawe bwanji? Ndipo 300 yo ikukwana, kapena tikungodzinamiza?

Tiyamike

Achemwali, musadzivutitse ndi maere. Tsegulani chithunzi chooneka bwino, mufune malo amene mukuona kuti apa ndi dambo lenileni, apa ndi nkhalango yeniyeni, muike dontho pakati penipeni. Ine ndimatola 100 pa mtundu uliwonse ndipo mapu amatuluka okongola.

Nachisale

Zikomo a Tiyamike, koma amenewo ndi madontho ophunzitsira kompyuta. Amenewo ndinatola kale, ndiwo anabala mapuwa. Apa ndikufuna oyesera mapu omalizika.

Tiyamike

Ohoo, pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe si chimodzimodzi? Ine ndimangopatula 30 peresenti ya madontho omwewo n'kuyesera.

Gama

Si chimodzimodzi, a Tiyamike. Madontho amene munthu wasankha ndi maso amagwa pamalo osavuta, pakati pa nkhalango yowirira, pakati pa munda waukulu. Pamenepo kompyuta siphonya kawirikawiri. Imaphonya m'mphepete, pamene munda ukulowerera m'tchire, ndipo malo oterowo dzanja lanu limawalambalala lokha. Mukapatula 30 peresenti ya madontho otero mudzapeza kuti mapu akulondola 96 kapena 97 peresenti, koma nambala imeneyo ikunena za malo osavutawo basi. Pa maere, pikiselo iliyonse ya mtunduwo imakhala ndi mwayi wodziwika wosankhidwa, yapakati ndi yam'mphepete yomwe.

Mayi Nachisale, tiyambe ndi funso lachiwiri, ngati 300 ikukwana. Fomula imene ambiri timagwiritsa ntchito ndi ya Cochran, imenenso Olofsson ndi anzake anaiika mu pepala lawo la 2014:

```
n = ( Σ W_i * S_i / S(O) )^2
S_i = sqrt( U_i * (1 - U_i) )
```

W ndi gawo la dera limene mtunduwo watenga pa mapu, ndiye kwa inu ndi 0.62, 0.25, 0.11 ndi 0.02. U ndi yankho la funso ili: pa malo 100 amene mapu akuti ndi dambo, ndi angati amene mukafika mupezadi dambo? Yankholi simunalidziwe, ndiye mumangoyerekeza moona mtima. S(O) ndi kukula kwa kuphonya kumene mungakulole pa nambala ya kulondola kwa mapu onse. Tandiuzani, mtundu uliwonse mukuukhulupirira bwanji?

Nachisale

Minda ndinganene 90 pa 100. Nkhalango 85. Tchire limasokonezeka ndi minda yogonera, ndiye 75. Madambo ndikukayika, tinene 70.

Gama

Chabwino. Ndiye S ya minda ndi 0.300, ya tchire 0.433, ya nkhalango 0.357, ya madambo 0.458. Mukachulukitsa iliyonse ndi W yake mupeza 0.186, 0.108, 0.039 ndi 0.009, ndipo pamodzi zikupanga pafupifupi 0.343. Mukasankha S(O) ya 0.02, gawani 0.343 ndi 0.02, mupeza 17.1, ichulukitseni ndi iyo yomwe, ikubwera madontho pafupifupi 294. Ndiye 300 yanu ikukwana ngati mukulola kudzanena kuti mapu akulondola 85 peresenti, kupitirira kapena kuchepera ndi 4, pakuti malire amenewa amakhala pafupifupi S(O) kuchulukitsa kawiri. Ngati wina akufuna S(O) ya 0.01, madontho akufika 1,175. Kuti kuphonya kuchepe ndi theka, ntchito imachuluka kanayi. Abwana anu amve zimenezi musananyamuke, asadzazimve pa tsiku lopereka lipoti.

Koma fomulayi yangokuuzani chiwerengero chonse. Sinanene kanthu za madambo, onani mmene 0.009 yamizidwira mu 0.343. Nkhani yanu yeniyeni ili pa kagawidwe.

Chikondi

Apa ndiye palibe chovuta. Lamulo lake ndi madontho osachepera 50 pa mtundu uliwonse. Muli ndi 300, mitundu inayi, perekani 75 uliwonse. Palibe mtundu woponderezedwa, ndipo madambo apeza ochuluka.

Gama

A Chikondi, theka loyambalo ndikugwirizana nalo. Mukagawa potsata kukula kwa dera, minda itenga 186, tchire 75, nkhalango 33, madambo 6. Ndi madontho 6, nambala ya kulondola kwa madambo ikhala 70 peresenti kupitirira kapena kuchepera ndi 40, ndiye kuti paliponse pakati pa 30 ndi 100. Imeneyo si nambala yoti munthu alembe mu lipoti. Ndi madontho 50 kuphonyako kumatsika kufika pa 13, ndi 75 kumafika pa 10. Onani kuti kuchoka pa 50 kupita pa 75 phindu lake ndi lochepa, pamene madontho 25 amenewo mwawalanda kwina.

Kumene mwawalanda ndi ku minda, ndipo ndi kumene kuli msampha. Dontho lililonse limaimira malo. Minda ndi mahekitala 124,000. Mukaipatsa madontho 75, dontho limodzi likuimira mahekitala 1,653. Madambo onse pa mapu ndi mahekitala 4,000. Tsono tiyerekeze kuti dontho limodzi la ku minda, mutafika, mwapeza kuti ndi dambo limene mapu sanalione. Dontho limodzi lomwelo likuwonjezera mahekitala 1,653 pa kukula kwa madambo. Likapanda kugwa pamenepo, palibe chowonjezera. Ndiye kukula kwa madambo kumene mudzanene kwatsamira pa mwayi wa dontho limodzi kapena awiri. Madontho a m'chigawo cha madambo amangogwira malo amene mapu ananama kuti ndi dambo. Madambo amene mapu anawasiya amabisala m'minda ndi m'tchire, ndipo kuti muwagwire pamafunika madontho okwanira kumeneko.

Ine ndikanagawa chonchi: madambo 50, nkhalango 50, ndipo 200 otsalawo ndigawe pakati pa minda ndi tchire potsata kukula kwake, ndiye minda 140, tchire 60 tikazungulitsa. Ndawerengera S(O) ya njira zitatuzi ndi ma U anu aja. Kugawa potsata kukula kukupereka 0.020, kugawa mofanana 0.025, kugawa kwangaku 0.022. Mwataya pang'ono pa nambala ya mapu onse, koma madambo ndi nkhalango zapeza nambala zoti n'kuzitchula.

Chikondi

Ndamva, koma akuluakulu ambiri akugwiritsabe ntchito 50 kapena 75 mofanana ndipo malipoti awo amalandiridwa.

Gama

Amalandiridwa, ndipo kugawa mofanana si kulakwa pakokha. Ngati funso lanu ndi la U ya mtundu uliwonse basi, n'kwabwino ndithu. Kulakwa kumadza powerengera, munthu akaiwala kuti madontho sakulemera mofanana. Tiyeni tiyerekeze zotsatira za Mayi Nachisale ndi kagawidwe kanga kaja. Minda yalondola 126 mwa 140, tchire 45 mwa 60, nkhalango 42 mwa 50, madambo 35 mwa 50. Mukangophatikiza, 248 mwa 300, mupeza 82.7 peresenti. Nambala imeneyi ndi yabodza, chifukwa madambo ali ndi 2 peresenti ya dera koma mwawapatsa pafupifupi 17 peresenti ya madontho. Yolondola ndi kuchulukitsa kulondola kwa mtundu uliwonse ndi W yake n'kuphatikiza, ndipo ikubwera 85.2.

Pa madambo ndiye kusiyanako n'koopsa. Tinene kuti mwa madontho 14 a minda amene analakwika, awiri anapezeka kuti ndi dambo. Wowerenga mitu ya madontho anena kuti madambo enieni tinawapeza 37, mapu anagwira 35, ndiye 95 peresenti, n'kuomba m'manja. Koma dontho la m'chigawo cha madambo likuimira mahekitala 80, pamene la ku minda likuimira 886. Madontho 35 aja ndi mahekitala 2,800, awiri aja ndi 1,771. Madambo enieni ndi pafupifupi 4,570 ndipo mapu anagwirapo 61 peresenti yokha. Madontho ndi omwewo, koma 95 ndi 61 zili kutali.

Nachisale

Iii, apa ndiye mwanditsegula maso. Ndikanawerenga mitu ndithu, pulogalamu imene ndinaphunzira nayo imangotulutsa tebulo la manambala osalemeretsa. Ndiye kuti ndisunge chiwerengero cha mapikiselo a mtundu uliwonse pa mapu amene ndatengerapo madontho?

Gama

Eya, ndipo musunge mapu enieniwo, osawakhudzanso. Mukadzakonza mapu mutabwerako koyendera, zigawo zanu zimakhalabe za mapu akalewo, pakuti mwayi wosankhidwa unachokera pamenepo. Mapu atsopano mutha kuwayesa ndi madontho omwewo, koma mafomula ake ndi ena, a pamene zigawo sizikufanana ndi mitundu ya pa mapu. Ngati kukonzako mwaonera madontho omwewo, ndiye asanduka ophunzitsira, sangayesenso.

Jere

Pepani ndilowererepo ndi zanga, zisakuonekereni. Chaka chatha ndinasandutsa mapu anga kukhala mapoligoni mu pulogalamu ya QGIS, kenako ndinatsegula Random points inside polygons n'kulemba 50. Ine ndimati 50 pa mtundu uliwonse. Kompyuta inazungulira mpaka ndinakatenga madzi akumwa, pobwera ndinapeza sikirini yonse yada bii ndi madontho. Chidacho chimaika 50 mu poligoni iliyonse, ndipo ndinali ndi mapoligoni masauzande, ena a pikiselo imodzi. Pofuna kudzipulumutsa ndinasintha kukhala dontho limodzi pa poligoni, kenako n'kusankha 50 mwa maere pa mtundu uliwonse. Ndinaona ngati ndachenjera. Titapita kukayendera, pafupifupi paliponse timapeza kachigamba kakang'ono, mitengo itatu pakati pa munda, ndipo nkhalango yaikulu inangopeza dontho limodzi kapena awiri. Zotsatira zinati nkhalango ikulondola pansi pa theka. Ndinatsala pang'ono kutaya mapu abwinobwino.

Chimene ndinachita ndi kupereka mwayi wofanana kwa poligoni iliyonse m'malo mwa hekitala iliyonse. Ngati mukufuna njira ya mapoligoni, yambani ndi Dissolve pa mtundu, kuti mtundu uliwonse ukhale chinthu chimodzi.

Nasibeko

A Jere anena zoona, koma bwanji kuvutika ndi mapoligoni? Tengani mapikiselo mwachindunji. Mu pulogalamu ya Earth Engine ndi mizere yochepa:

```
var s = mapu.stratifiedSample({
  numPoints: 0, classBand: 'mtundu',
  classValues: [1, 2, 3, 4],
  classPoints: [170, 75, 60, 60],
  region: dera, scale: 10, seed: 7,
  geometries: true
}).randomColumn('r', 7).sort('r');
```

Manambala ndawakweza dala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, kuti mukhale ndi madontho apambali. Pa mtundu uliwonse, oyamba 140 kapena 60 kapena 50 potsata `r` ndiwo enieni, otsalawo ndi olowa m'malo, ndipo mumawatenga motsatira mndandanda, osadumpha. Mulembe `seed` mu lipoti kuti wina athe kubwereza. Musaiwale `geometries: true`, apo ayi mupeza tebulo lopanda malo. Komanso `scale` ikhale 10 yomweyo ya mapu anu.

Nachisale

Zikomo achemwali. Ndiye dontho likagwa pamalo osafikika, ndingotenga lapambali? Ndikufunsa chifukwa oyendetsa galimoto anandiuza kale kuti chilichonse chopitirira makilomita 3 kuchokera pamsewu ndichiiwale.

Chikondi

Ingodulani dera. Pangani lamba wa makilomita 2 mbali zonse za misewu, madontho onse agwe mmenemo. Maere alipobe, ndipo onse mufikako.

Gama

Maere alipo, koma ndi maere a m'mbali mwa msewu, ndipo zotsatira zidzanena za m'mbali mwa msewu. Kumeneko minda ndi yodukaduka, nkhalango ndi yogwetsedwa, sizifanana ndi za kutali. Ngati mwasankha kutero, lembani poyera kuti nambalazi ndi za lambayo, ndipo ma W muwerengere m'lambamo. Kuwachulukitsa ndi mahekitala 200,000 ndiye kunama.

Madontho apambali nawonso si mankhwala athunthu, Mayi Nasibeko andikhululukire. Amabweza chiwerengero, koma sabweza malo. Ngati madontho onse a pakati pa madambo aakulu salowereka chifukwa cha madzi, olowa m'malo amene mudzafikeko adzakhala a madambo ouma a m'mphepete, ndipo sampulo yapendekeka ngakhale mwatsata mndandanda bwinobwino. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukabwerako werengani osafikika pa mtundu uliwonse. Akakhala awiri kapena atatu omwazikana, palibe nkhawa. Akakhala 15 mwa 50 a madambo, muli ndi vuto. Zikatero ine ndimasiya dontho pomwe linagwa n'kuliweruza pa chithunzi cha mapikiselo aang'ono kwambiri cha nyengo yomweyo, n'kulemba kuti ili sitinaliponde ndi phazi. Chimene sindilola n'kuti woyendera aime pamene watopera, atole GPS pomwepo, n'kunena kuti ndi pafupi.

Nasibeko

Palibe chokhululukira, akulu, koma pa chithunzipo sindikugwirizana nanu kwathunthu. Dambo ndi mtundu umene chithunzi chimanama kwambiri. Udzu wa dambo louma ndi udzu wa kumtunda zimaoneka chimodzimodzi kuchokera kumwamba, pansi ndi pamene umaona dothi lakuda lomata ndi mitundu ya udzu wokonda madzi. Ndiye mukutenga madontho ovutitsitsa n'kuwaweruza ndi njira yofooka kwambiri. Komanso zithunzi zaulerezo nthawi zina ndi za zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo.

Gama

Mfundo yomveka. Ine ndimaona kuti yankho lokayikitsa pamalo oyenera limaposa yankho lotsimikizika pamalo olakwika, koma zimatengera chithunzi chimene chilipo. Muwerengere kawiri, ndi madonthowo komanso popanda iwo, muone ngati nambala ikusuntha.

Nasibeko

Ikasuntha ndiye mukhulupirira iti?

Gama

Ndilemba zonse ziwiri. Kenako ndipempha tsiku limodzi lowonjezera, ndisankhe mwa maere asanu mwa osafikikawo, tikawavutikire ndi nsapato za m'madzi, tione ngati chithunzi chimanena zoona.

Jere

China chimene sichinatchulidwe: pikiselo ya mamita 10 ndi GPS ya m'manja. Yanga imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5 pabwalo, pansi pa mitengo kupitirira apo. Chithunzi nachonso chimatha kusuntha pang'ono. Ndiye ukaima pa dontho la m'malire, sudziwa ngati uli mu pikiselo yako kapena ya pafupi. Ine ndinayamba kuchotsa mapikiselo onse a m'malire ndisanatole madontho, kuti dontho ligwe pamene mapikiselo 3 kwa 3 onse ndi mtundu umodzi.

Gama

Achimwene, mwabwereranso kwa a Tiyamike polowera khomo lakumbuyo. Madambo ambiri ndi aang'ono m'lifupi, amatsata mtsinje. Dambo la mamita 40 m'lifupi ndi mapikiselo anayi, mukachotsa a m'malire mbali zonse mwataya theka lake, ndipo ndi theka lomwe mapu amalakwitsa. Vuto la GPS lithetsedwe pa fomu yoyendera. Woyendera alembe chimene chili pa dontho, alembenso chimene chachuluka mu bwalo la mamita 30 kwa 30, mtundu wachiwiri ngati ulipo, mtunda wokafika pa malire apafupi, ndi zithunzi zinayi zoyang'ana kumpoto, kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo. Lamulo loti n'chiyani chimene mudzati chagwirizana mulilembe musanapite. Mukalilemba mutaona zotsatira, mtima udzakukokerani ku lamulo lokometsa mapu.

Ndipo oyendera asadziwe chimene mapu akunena pa dontholo. Apatseni nambala ndi malo basi, mndandanda wosakaniza. Munthu akadziwa kuti pepala likuti dambo, udzu uliwonse wobiriwira amauona ngati dambo.

Nachisale

Ndalemba zonse. Koma nkhani ya madontho awiri a ku minda aja ikundisowetsabe tulo. Ngakhale ndi 140, dontho limodzi ndi mahekitala 886, kuposa gawo limodzi mwa asanu la madambo onse. Palibe njira yochepetsera?

Gama

Ilipo. Zigawo sizikakamizidwa kufanana ndi mitundu ya pa mapu. Madambo osiyidwa nthawi zambiri amakhala moyandikana ndi amene mapu anawaona, kapena m'zigwa. Ndiye pangani chigawo chachisanu: mapikiselo a minda ndi tchire amene ali mkati mwa mamita 30 kapena 50 kuchokera pa dambo la pa mapu. Tiyerekeze kuti lambayo watuluka mahekitala 6,000. Mukamupatsa madontho 40, lililonse likuimira mahekitala 150. Dambo losiyidwa likapezeka mmenemo silikugwedezanso nambala ngati la 886 lija. Mahekitala 6,000 amenewo muwachotse ku minda ndi tchire powerengera ma W, pikiselo iliyonse ikhale m'chigawo chimodzi chokha.

Malire ake ndi akuti njirayi imagwira ngati mwalota bwino kumene zolakwa zabisala. Ngati mapu anaphonya dambo lathunthu kutali ndi ena onse, lambayo saligwira, likhalabe m'chigawo cha minda ndi kulemera kwake konse. Ndipo madontho 40 amenewo achokera mu 300 yomweyo.

Chikondi

Ndiye achoka kwa ndani? Mukachotsa ku minda, dontho la minda lilemera kuposa kale, pafupifupi mahekitala 1,200. Si mwakulitsa vuto lomwe mumathawa?

Gama

Apa mwandigwira, a Chikondi. N'zoona, ngati lambayo sanakokolole zolakwa zambiri mwaluza. Ine ndikanachotsa 10 ku nkhalango, 10 ku tchire, 20 ku minda, koma ndisanatero ndikanayesa kaye pa kompyuta: kumwaza madontho 100 mwa maere m'lambamo ndi 100 m'minda yotsala, kuwaona pa chithunzi madzulo amodzi, n'kuwerenga okayikitsa mbali iliyonse. Amenewo ndi ongoyesera, asalowe mu sampulo yeniyeni.

Nasibeko

Ine sindikanakhudza nkhalango. Madontho 40 pa mtundu wa 11 peresenti ndi ochepa, ndipo mawa wina adzafunsa za nkhalango, osati madambo.

Nachisale

Ndapanga lamba wa mamita 40 usiku uno, watuluka mahekitala 9,300, wamkulu kuposa mmene a Gama anayerekezera, chifukwa madambo anga ambiri ndi timizere. Ndamwaza 100 m'lambamo, ndaonapo 60, ndipo 11 akuoneka ngati dambo lolimidwa. Apa ndiye pabuka lina: dambo limene munthu walima, pa fomu tilembe dambo kapena munda? Pophunzitsa kompyuta ndinawaika ku minda, koma otituma ntchito akamati madambo ndikuganiza kuti akuwerengera ndi olimidwa omwe. Ndiwafunsa mawa m'mawa ndisanatole madontho enieni. A m'minda yotsala aja sindinawayambe.